Mbendera yabooka, mwalowa, mtengo wabwerera: pofunafuna vuto muyambire pati

Dandaulo la wochita malonda a foreksi, kugula ndi kugulitsa ndalama za mayiko pa intaneti, limakhala limodzimodzi, kaya munthuyo akutsegula tchati pa foni ali ku Ulongwe, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete. Mtengo unathamanga, unapuma pang'ono nkupanga mbendera, kenako unaboola mzere wapamwamba. Iye analowa, koma makandulo awiri, zizindikiro za pa tchati zoonetsa mmene mtengo wayendera pa nthawi inayake, asanathe, mtengo unabwerera pansi nkudya sitopu yake, malire amene anaika oti malonda atsekeke okha akamataya. Nthawi zina zimapweteka koposa, chifukwa ukangodya sitopuyo mtengo umatembenukanso nkupita kumene iye ankafuna, iye ali kunja. Zikachitika katatu kapena kanayi, munthu amagamula kuti mbendera ndi bodza, kapena kuti bulokala, kampani imene amadzeramo pochita malondawo, akumusaka.

Kawirikawiri vuto silikhala pa mbendera yeniyeniyo. Anthu amathera maso pa timizere tiwiri tija, pomwe chimene chimapatsa mbendera tanthauzo ndi ulendo umene unachitika isanapangike. Ndiye pofufuza tiyambira kumeneko, kenako tibwere pa nsalu, pa polowera, ndi pa sitopu.

Mawu ake tigwirizane kaye. Kuthamanga kwa mtengo kuja tikutcha mlongoti. Ena amati mtengo wa mbendera, koma pa nkhani ya malonda mawu oti mtengo ali kale ndi ntchito ina, ndipo tingasokonezane. Kupuma kumene kumatsatira ndiye nsalu. Ngati mizere iwiri yotchinga nsaluyo ikuyendera limodzi osakumana, imeneyo ndi mbendera. Ngati ikupita nifinyana mpaka kusongoka ngati samusa yogona, imeneyo ndi penanti. Mbendera ya ogula imabwera mtengo utakwera, ndipo nsalu yake imapendekera pansi kapena kugona. Mbendera ya ogulitsa imabwera mtengo utagwa, nsalu yake nkupendekera m'mwamba. Choyembekezeka pa zonsezi nchakuti mtengo upitirira kumene unkapita.

Mlongoti ulipo kapena mwaujambula nokha?

Mbendera imapangika chifukwa anthu amene anagula msanga aona phindu ndipo ena mwa iwo akutuluka. Kugulitsa kwawo kumatsitsa mtengo pang'ono, koma pansipo pali ena amene anachedwa ulendo woyamba ndipo akudikira kuti mtengo utsike iwo agule. Mbali ziwirizi zikakumana, mtengo umayenda pang'onopang'ono m'kampata kakang'ono. Otuluka aja akatha, sipakhalanso wotsekereza, ndipo mtengo umanyamukanso. Zonsezi zimafuna kuti pakhale anthu amene anasiyidwa m'mbuyo. Mtengo ukakwera mwa kachetechete tsiku lonse, aliyense wofuna kugula anapeza mpata wogula, ndiye palibe wotsala woti adzakankhe ulendo wachiwiri. Nsalu yopanda mlongoti ndi kampata chabe, ndipo kampata kamatha kubookera mbali iliyonse.

Maso amanama pa foni. Tchati chimadzitambasula chokha kuti chidzaze galasi lonse, moti kukwera kwa mapipi 20, timasitepe tating'ono toyezera kuyenda kwa mtengo, kumaoneka ngati phiri la Domwe. Musaweruze ndi maso okha, yezani. Ikani chida choyezera chotchedwa ATR, chowerenga makandulo 14, pansi pa tchati, ikuuzeni kutalika kwa kandulo wamba pa nthawi imeneyo. Muyeso umene timagwiritsa ntchito ngwakuti mlongoti utalike kuposa ATR katatu kapena kanayi, ndipo ukhale wa makandulo ochepa, atatu mpaka asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo amtundu umodzi, matupi aakulu, michira ifupiifupi, lililonse likutsekera pafupi ndi nsonga yake. Manambala amenewa si lamulo la msika, ndi sefa yothandiza kuti munthu asadzinamize. Ngati makandulowo akuloŵana, lobiriwira lokwera kenako lofiira lotsika kenako lobiriwira, limenelo ndi khwerero, si mlongoti.

Pali mlongoti wina wonyenga: kandulo limodzi lalitali lobadwa pa mphindi ya nkhani yaikulu, monga chiwerengero cha ntchito cha ku America chimene chimatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi. Kandulo lotere limatha kukhala lalitali chifukwa chakuti pa mphindi imeneyo ogulitsa anachotsa maoda awo ndipo mtengo unalumpha pamalo opanda anthu. Osiyidwa m'mbuyo amakhala ochepa, ndipo mtengo umabwerera mosavuta kudzadzaza mpatawo. Dikirani muone ngati makandulo otsatira akutsekera kumtunda kwa kandulo lalitalilo. Akayamba kutsekera m'munsi mwa theka lake, iwalani za mbendera.

Nsalu yazama, kapena yakhalitsa

Woyendetsa njinga ya makala akamakwera chitunda amaima, nkuponda pansi, nkupuma, kenako nkupitirira. Koma mukaona njingayo ikubwerera m'mbuyo mpaka pakati pa chitunda, simunganenenso kuti akupuma. Nsalu imawerengedwa chimodzimodzi. Yabwino imabweza gawo limodzi mwa magawo atatu a mlongoti, kapena kuchepera apo. Ikafika theka, kayikirani. Ikatsekera kupyola theka, ogulitsa sakungotenga phindu, akulimbana nawo, ndipo chimene mukuyang'anacho si mbenderanso ngakhale mizere yake ikhale yowongoka bwanji.

Yang'ananinso makandulo a mkati mwa nsalu. Ayenera kukhala aang'ono poyerekeza ndi a mlongoti, oloŵana, osaonetsa changu. Mukapezamo kandulo lofiira lofanana msinkhu ndi obiriwira a mumlongoti, ndiye kuti mbali inayo yabwera ndi mphamvu zofanana.

Za nthawi: Robert Edwards ndi John Magee, m'buku lawo la mu 1948 lonena za matchati a masheya, ankawerenga mbendera pa tchati cha tsiku ndi tsiku ngati chinthu cha masabata ochepa, atatu kapena kupitirira pang'ono. Pa H1, tchati chimene kandulo lililonse ndi ola limodzi, kapena M15, cha mphindi 15, masabata sagwira ntchito, ndiye werengani makandulo. Nsalu ya makandulo asanu mpaka khumi ndi asanu ndiyabwino. Ikatalika kuposa mlongoti katatu, changu chija chazirala, amene ankadikira agula kale kapena atopa apita. Kampata koteroko kangathe kubookerabe m'mwamba, koma musakayezere ndi mlongoti wadzulo.

Nsalu yopendekera mbali yolakwika nayonso imapha ambiri. Mtengo ukakwera mwamphamvu kenako nkupitiriza kukwawa m'mwamba ndi timakandulo tating'ono, mizere ikufinyana, ogula akugulabe koma akupeza zochepa pa kugula kulikonse. Chimenecho chimakonda kuthera pansi.

Chitsanzo ndi manambala ake

Titenge EURUSD, mtengo wa yuro poyerekeza ndi dola ya ku America, pa H1. Manambalawa ngongophunzirira, si a tsiku linalake. ATR ikuwerenga mapipi 14. Mtengo ukuchoka pa 1.0820 nkufika pa 1.0900 m'makandulo asanu, anayi obiriwira aakulu ndi limodzi laling'ono. Mlongoti ndi mapipi 80, kuposa ATR kasanu, ndiye pamenepa palibe chokayikitsa. Theka lake lili pa 1.0860. Ikani mzere wogona pamenepo nthawi yomweyo, nsalu isanapangike nkomwe, kuti musadzausunthe pambuyo pake pofuna kudzisangalatsa.

Makandulo asanu ndi anayi otsatira akutsetsereka pang'onopang'ono mpaka 1.0872. Abweza mapipi 28 mwa 80, kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu, ndipo theka lija sanalikhudze. Mzere wapamwamba wakhudzidwa katatu, wapansi kawiri. Kukhudza kuwiri mbali iliyonse ndiko kochepetsetsa, chifukwa ndi nsonga imodzi yokha mzere mukhoza kuupendeketsa mmene mungafunire. Pa kandulo lakhumi mzere wapamwamba wafika pa 1.0888, ndipo kandulolo likutsekera pa 1.0893, thupi lonse likuoneka, mchira wapamwamba waufupi.

Mukugula. Tchati chikuonetsa 1.0893, koma wogula amalipira Ask, mtengo wogulira, ndipo ngati sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndi pipi imodzi mwalowera pa 1.0894. Sitopu ipite pansi pa nsalu yonse ndi kampata kowonjezera, tinene theka la ATR, mapipi 7 pansi pa 1.0872. Ndiye Stop Loss ili pa 1.0865, ndipo mwaika pachiswe mapipi 29.

Kokafikira kumayezedwa ndi mlongoti womwewo, pa ganizo lakale loti mbendera imakhala pakati pa ulendo. Pali njira ziwiri zoyezera ndipo anthu amazisakaniza. Mukawonjezera mapipi 80 pa malo obookera, 1.0888, mupeza 1.0968. Mukawonjezera pa tsinde la nsalu, 1.0872, mupeza 1.0952. Ife timatenga yapafupiyo powerengera ngati malondawo ngoyenera kulowa, chifukwa ulendo wachiwiri nthawi zambiri sufika msinkhu wonse wa woyamba. Kuchoka pa 1.0894 kufika pa 1.0952 ndi mapipi 58, kawiri ndendende zimene mwaika pachiswe. Pa muyeso wotere, mukapambana kamodzi mwa katatu mwabweza zanu, ndipo chilichonse choposa apo ndiye phindu.

Tsopano onani zimene zimachitika kwa munthu amene anali panjira yochokera ku Zobwe, netiweki yabwera mochedwa, watsegula foni mtengo uli kale pa 1.0915. Mbendera ndi yomweyo, yabookadi, ndipo mtengo ukhozadi kukafika pa 1.0952. Koma iye sitopu yake yoyenera ikadali pa 1.0865, mapipi 50 pansi, pomwe kutsogolo kwatsala mapipi 37 okha. Ambiri akaona zimenezi amakoka sitopu nkuibweretsa pafupi, pa 1.0900 mwina, kuti masamu aoneke bwino. Apo ndi pamene mtengo umabwerera kudzayesa nsonga ya mlongoti usanapitirire. Wachedwa ali ndi zosankha ziwiri zokha: kudikira mtengo ubwerere pafupi ndi mzere wobookawo, kapena kuwasiya malondawo apite.

Mchira waboola, thupi labwerera

Ili ndiye vuto lofala kwambiri pa polowera. Kandulo likadali moyo, mtengo ukudutsa mzere ndi mapipi atatu kapena anayi, mtima ukugunda, chala chadina Buy. Ola likamatha kandulolo latsekera mkati mwa nsalu, pamwamba pangotsala mchira wautali. Zimachitika chifukwa pamwamba pa mbendera iliyonse yooneka bwino pamakhala maoda ambiri, a ofuna kugula pobooka ndi masitopu a amene anagulitsa mkati mwa nsalu. Mtengo ukafika pamenepo maodawo amayaka onse pamodzi, ndipo wamkulu amene akufuna kugulitsa katundu wambiri amapeza ogula okonzeka kale. Sikuti wina akuona akaunti yanu. Mwangoima pamene aliyense waima.

Mankhwala ake ndi kudikira kandulo litseke, pa tchati chomwecho chimene mwajambulapo mbendera. Mbendera ya pa H1 imatsimikizika ndi kutseka kwa H1, osati kwa M5. Izi zili ndi mtengo wake: mulowera pamwamba pang'ono, ndipo tsiku lina kandulo loboola lidzatalika kwambiri moti masamu sadzalolanso kulowa. Ndi bwino kuphonya malonda oterowo kusiyana nkumadyedwa ndi michira sabata iliyonse.

Amene sangakhale pa foni amakonda kusiya Buy Stop, oda imene imagula yokha mtengo ukakwera kufika pa nambala imene mwalemba. Dziwani kuti odayo siidziwa kutseka kwa kandulo, imayaka mtengo ukangoikhudza, ngakhale ndi mchira. Ngati mukuigwiritsa ntchito, musaiike pa mzere wopendekera uja. Iikeni pamwamba pa nsonga ya mlongoti, m'chitsanzo chathu cha m'ma 1.0903, muwerengenso masamu kuchokera pamenepo, ndipo muipatse nthawi yothera. Oda yoiwalika imadzayaka mawa lake mbendera itafa kalekale.

Voliyumu, kuchuluka kwa malonda amene achitika, imathandiza pang'ono. Pa masheya chithunzi chake nchodziwika: yambiri pa mlongoti, yochepa mu nsalu, yambirinso pobooka. Pa foreksi palibe msika umodzi wowerengera zonse, ndipo zimene pulogalamu yochitira malonda ya MetaTrader imaonetsa ndi chiwerengero cha kusintha kwa mtengo kwa bulokala wanu yekha. Chimasonyezabe ngati msika uli maso kapena uli mtulo. Kubooka kwa timizati ta voliyumu tofupika ngati ta mkati mwa nsalu nkokayikitsa.

Wotchi ya kuno ndi wotchi ya msika

Mbendera zambiri zolephera zikanapeweka pongoyang'ana nthawi. Kuno ku Tete wotchi sisintha chaka chonse, koma ku London ndi ku New York amaisuntha ndi ola limodzi. London imatsegula 09:00 nthawi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo imatsegula 10:00. Ziwerengero zikuluzikulu za ku America zotuluka 08:30 ku New York zimatipeza 14:30 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo 15:30 miyezi yotsalayo. Nthawi yolembedwa pansi pa tchati ndi ya seva ya bulokala, ndipo kwa mabulokala ambiri imafanana ndi yathu miyezi ina, miyezi ina nkutsogola ndi ola. Iyerekezeni ndi wotchi ya pa foni kamodzi mudziwe.

EURUSD kapena GBPUSD ikaboola mbendera m'mamawa anthu akupita kumunda, London isanadzuke, kubookako kumakhala kopanda anthu okukankha, ndipo London ikatsegula imatha kuyamba nkusesa mbali inayo. Mbendera yabwino bwanji, ngati kwatsala mphindi makumi awiri kuti nkhani yaikulu ituluke, si nthawi yolowa. Pa mphindi imeneyo sipuredi imakula, ndipo sitopu imatha kutsekedwa pa mtengo woipa kuposa umene munalemba, chifukwa mtengo walumpha osaponda pa nambala yanu.

Sitopu yadyedwa koma tchati sichinafike

Izi zimagwera makamaka ochita mbendera ndi mapenanti a ogulitsa, ndipo ndi pamene mawu oti bulokala ndi wakuba amachokera. Makandulo a pa MetaTrader amajambulidwa ndi Bid, mtengo wogulitsira. Mukagula, sitopu yanu imayaka ndi Bid yomweyo, ndiye zimene mukuona ndi zimene zikuchitika. Koma mukagulitsa, kutseka kwake ndi kugula, ndipo kugula kumachitika pa Ask, mtengo umene suoneka pa makandulo.

Tinene GBPUSD yagwa kuchoka pa 1.2700 kufika pa 1.2610, yapanga penanti imene nsonga yake yapamwamba ili pa 1.2640. Mwagulitsa itabookera pansi madzulo, mwaika Stop Loss pa 1.2643, mwagona. Usiku pali ola limene tsiku la malonda limatha ku New York, 23:00 nthawi yathu kapena pakati pa usiku malinga ndi miyezi ija, ndipo pa ola limenelo sipuredi imakula kwa mphindi zingapo. Mtengo wabwerera kufika pa Bid ya 1.2638, sipuredi yafika mapipi 6, Ask ili pa 1.2644. Sitopu yayaka. M'mawa mukuyang'ana tchati, kandulo lalitali kwambiri lathera pa 1.2638, mapipi asanu pansi pa sitopu yanu, ndipo mukulumbira kuti akuberani.

Yatsani mzere wa Ask m'makonzedwe a tchati kuti muziuona nthawi zonse. Pa malonda ogulitsa, sitopu ikhale nsonga ya nsalu, kuphatikiza kampata ka theka la ATR kaja, kuphatikizanso sipuredi. Ndipo ngati malondawo agona usiku, khalani maso tsiku limodzi pa ola limenelo muone sipuredi ya bulokala wanu mmene imakulira, chifukwa imasiyana kwa bulokala aliyense.

Penanti ili ndi msampha wakewake

Chifukwa imasongoka, penanti imaoneka ngati ikukupatsani sitopu yaifupi kwambiri, mapipi asanu kapena asanu ndi limodzi kuseri kwa mzere winawo. Koma kumene kwasongokako mizere iwiri yayandikana moti kandulo wamba limodzi limadutsa yonse iwiri. Sitopu iikidwe kuseri kwa nsonga yomaliza yooneka bwino mkati mwa penanti, ndipo ngati penantiyo ndi yaing'ono, kuseri kwa kumene inayambira, kotakata kuja.

Kubooka kwabwino kumachitika mtengo usanafike kunsonga. Ukakwawa mpaka mizere kukumana nkungotulukira m'mbali, penantiyo yatha yokha, ndipo kudutsa mzere pamenepo sikutanthauza kanthu chifukwa mtengo unalibe kwina kopita. Fufutani mizereyo. Komanso musasokoneze penanti ndi mpata waukulu wosongoka wa makandulo makumi anayi kapena makumi asanu wopanda mlongoti kumbuyo kwake. Maonekedwe ngofanana, koma winawo sulonjeza mbali.

Khoma limene silinaoneke pa foni

Mbendera ikhoza kukhoza mayeso onse aja nkulepherabe, chifukwa chakuti mapipi ochepa kutsogolo kuli malo amene mtengo unabwezedwapo sabata yatha. Pa galasi la foni mumaoneka makandulo ochepa, ndipo khomalo lili kumanzere, kunja kwa galasi. M'chitsanzo chathu chija, ngati pa H4 pali nsonga ziwiri zakale pa 1.0910, malo enieni oyendamo si mapipi 58 koma 16, pomwe pachiswe pali 29. Malonda amenewo ngosalowa, kapena ngodikira mpaka mtengo utsekere pamwamba pa khomalo. Musanajambule mbendera pa H1, tsegulani H4 ndi D1, tchati cha tsiku ndi tsiku, mufinye tchati ndi zala, muike mizere yogona pa nsonga zakale, kenako mubwerere.

Pomwepo muonanso kuti mbenderayi ndi yachingati. Yoyamba mtengo utangotuluka mu kampata kakakulu ndiyo imakhala ndi osiyidwa ambiri. Yachitatu kapena yachinayi pa ulendo umodzi imapeza pafupifupi aliyense atakwera kale, ndipo mlongoti wotalika kuposa yonse yam'mbuyo, wobwera kumapeto kwa ulendo wautali, nthawi zambiri umakhala wa ochedwa akuthamangira. Mbendera ya ogula pa M15 imene ili mkati mwa kugwa kwakukulu kwa pa H4 nayonso ikusambira mokwera Zambezi.

Loti ndi akaunti yaing'ono

Ambiri amene amaika sitopu mkati mwa nsalu amadziwa kuti ndi malo olakwika. Amatero chifukwa loti yawo, kukula kwa malonda amene atsegula, ndi yaikulu ndipo sitopu yoyenera ingadye gawo lalikulu la akaunti. Dongosolo lake ndi lotembenuza: sitopu imasankhidwa ndi tchati, loti nkusankhidwa ndi sitopu. Pa EURUSD, ndi akaunti ya madola, loti ya 0.01 imayenda masenti 10 pa pipi iliyonse. Mapipi 29 aja ndi madola 2.90. Ngati lamulo lanu nkusataya kuposa gawo limodzi mwa 100 pa malonda amodzi, akaunti ya madola 300 ikulola 0.01 basi, osapitirira. Ya madola 200 ndiye kuti ngakhale loti yochepetsetsayo yadutsa kale lamulo, ikuika pachiswe pafupifupi gawo limodzi ndi theka. Amene akutsegula 0.10 pa akaunti yomweyo akuika madola 29 pa mbendera imodzi, ndipo mbendera zitatu zolephera motsatizana, zimene zimachitika ndithu ngakhale kwa wosefa bwino, zimutengera pafupifupi theka la ndalama zake. Pa golide, XAUUSD, musatengere masamu awa, chifukwa mtengo wa kuyenda kulikonse ngwosiyana. Werengani za chinthucho pa Specification kapena Properties musanadine.

Stop Loss ndi Take Profit zilembedwe pa oda pomwe mukulowa. Zimasungidwa pa seva ya bulokala, ndiye zigwirabe ntchito ngakhale mvula ya ku Angoniya itagwetsa netiweki kapena batire litatha. Trailing Stop ya pa MetaTrader, sitopu imene imatsatira mtengo yokha, ndi yosiyana: imayendetsedwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta yanu, ndipo magetsi akathima imaima pamene inafika.

Mwalowa bwino koma mtengo sukuyenda

Mbendera yoona ikabooka siichedwa. Kubwerera kamodzi kudzakhudza mzere wobookawo nkwachibadwa, ndipo sitopu yanu ili kutali dala kuti kubwerera kotero kusakukhudzeni. Chodetsa nkhawa ndi kandulo lotsekera mkati mwa nsalu, thupi lonse. M'chitsanzo chathu, H1 ikatsekera pa 1.0880, chifukwa chimene munalowera chachoka, ndipo kutuluka pamenepo kukutayitsani mapipi 14 m'malo mwa 29. Nthawi zina mudzatuluka mtengo nkunyamuka, ndipo mukhoza kulowanso ukatsekeranso pamwamba. Chimene sitichita ndi kusunthira sitopu pansi kapena kuwonjezera loti kuti tibweze.

Poyenda bwino, chipata choyamba ndi nsonga ya mlongoti, 1.0900. Mtengo ukalephera kutsekera pamwamba pake patadutsa makandulo anayi kapena asanu, pali ngozi yoti mbendera isanduke nsonga ziwiri zofanana, chimene ndi chizindikiro cha kubwerera. Musathamangire kubweretsa sitopu pa mtengo wolowera mtengo usanadutse chipata chimenechi ndi kuyenda mapipi ofanana ndi amene munaika pachiswe, cha m'ma 1.0923. Mukafulumira, kubwerera kwachibadwa kuja kukutulutsani wopanda kanthu.

Kuti mudziwe vuto lanu lenileni mwa onsewa, bwererani pa mbendera makumi awiri zomaliza zimene munalowa, kapena muzichite pa akaunti yoyeserera ngati mulibe. Pa iliyonse lembani m'kope kutalika kwa mlongoti poyerekeza ndi ATR, gawo limene nsalu inabweza, ngati munadikira kandulo kutseka, ola la kuno limene munalowa, ndi mtunda wokafika pa khoma la H4. Kenako ikani zotayika mbali imodzi muone mzati umene zikufanana. Ngati zambiri zili ndi mlongoti wosafika ATR katatu, vuto ndi kusankha. Ngati milongoti ili bwino koma munalowa kandulo lisanatseke kapena London isanatsegule, konzani polowera pokha, zina zonse muzisiye mmene zilili kwa mbendera makumi awiri zotsatira.